Kumata munthu pa chithunzi china popanda chimbuuzi kapena manomano: mafunso ndi mayankho

M'masitudiyo a zithunzi a ku Mandimba ndi Cuamba mumabwera kawirikawiri ntchito yodula munthu pa chithunzi chimodzi n'kumumata pa china. Ntchitoyi imavuta zithunzi ziwirizo zikasiyana kukula. Mayankho ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti banja lina la ku Massangulo, m'boma la Ngauma, linajambulitsa ku Cuamba tsiku lomwe mwana wawo wamkazi anamaliza maphunziro a zaulimi. Achimwene ake omwe ali ku Joni sanabwere, koma atumiza chithunzi chawo pa WhatsApp. Banjali lafika pa situdiyo ku Mandimba ndipo likufuna kuti achimwenewo aime pamodzi ndi ena onse pa chithunzi cha masentimita 20 × 30. Mayina a zolembedwa pa sikirini taapereka monga aliri mu Photoshop ya Chingerezi.

Kodi pikiselo n'chiyani?

Pikiselo ndi kabokosi kakang'ono kwambiri ka mtundu umodzi, ndipo chithunzi chilichonse cha m'foni kapena m'kamera chimapangidwa ndi timabokosi totere tondandalikidwa m'mizere. Tikanena kuti chithunzi cha banja lija ndi 6000 × 4000, ndiye kuti muli timabokosi 6000 chopingasa ndi 4000 chotsika. Cha achimwene chija chafika chili 1200 × 1600. Diso, kolala ya malaya ndi tsitsi, zonse zimaoneka bwino molingana ndi kuchuluka kwa timabokosi tomwe tagwera pamenepo.

Nanga rezolushoni ija imanenedwanenedwa n'chiyani?

Anthu amatchula zinthu ziwiri ndi dzina limodzi lomweli. Choyamba ndi kuchuluka kwa mapikiselo m'chithunzi chonse, monga 6000 × 4000. Chachiwiri ndi kuthithikana kwa mapikiselowo pa pepala, monga 300 pa inchi iliyonse, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Pa ntchito yomata, chomwe chimalamula ndi choyambacho.

Ndikasintha nambala ya 72 kukhala 300, chithunzi chosaoneka bwino chingakonzeke?

Ayi. Mukatsegula Image Size n'kuchotsa kachizindikiro pa Resample, kusintha nambalayo kumangouza pulinta kuti ipanikize mapikiselo omwewo pa malo ochepa. Mukasiya kachizindikiroko, kompyuta imawonjezera mapikiselo ongoyerekeza, osati ochokera m'kamera. Njira zonse ziwirizi sizibweza nsidze kapena ulusi wa jekete womwe sunajambulidwe poyamba.

N'chifukwa chiyani munthu ndikamumata amatuluka wamng'ono kwambiri?

Mukakopera ndi kumata, kompyuta imaika pikiselo imodzi ya chithunzi chaching'ono pa pikiselo imodzi ya chachikulu. Achimwene aja, omwe amadzaza sikirini ya foni, ali ndi mapikiselo 1100 okha kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Bambo awo pa chithunzi cha ku Cuamba ali ndi mapikiselo 2800, choncho achimwenewo safika n'komwe m'chiuno mwa bambo awo. Palibe chomwe chalakwika pamenepo, kwangooneka poyera kusiyana kwenikweni kwa zithunzi ziwirizo.

Chimbuuzi chimachokera kuti ndikamukulitsa?

Mukakoka ngodya kuti munthu akule, pakati pa mapikiselo akale pamatsala mipata, ndipo kompyuta imaidzaza posakaniza mitundu ya mapikiselo oyandikana. Pomwe panali malire akuthwa pakati pa malaya oyera ndi tayi yakuda, pamabwera kamzere kotuwa kotambalala. Izi zikachitika pa nkhope yonse, maso ndi milomo zimaoneka mwachimbuuzi. Mukakulitsa kwambiri, mapikiselo ongoyerekeza amachuluka kuposa enieni.

Nanga manomano a m'mphepete amabwera bwanji?

Mapikiselo ndi a ngodya zinayi, pomwe phewa ndi tsaya la munthu n'zozungulira. Zili ngati kumanga khoma lopendekera ndi njerwa: m'mphepete mumatsala timasitepe. Pofuna kubisa timasitepeto, mapulogalamu amaika m'mphepete mapikiselo oonekera pang'ono, osakaniza munthu ndi zakumbuyo kwake. Mapikiselo osakanizawo akasowa, kapena mukakulitsa munthu yemwe wadulidwa kale mokhadzula, sitepe iliyonse imakula mpaka kuonekera pa pepala.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto langa ndi liti pa awiriwa?

Dinani `Ctrl+1` kuti chithunzi chioneke pa 100%, kenaka yang'anani malo awiri. Ngati maso ndi mabatani a munthu womatidwayo n'zofewa kuposa za yemwe waima pambali pake, vuto ndi kuchepa kwa mapikiselo. Ngati nkhope ili bwino koma phewa ndi khutu zili ndi timasitepe, vuto ndi kadulidwe kapena njira yomwe mwasankha pokulitsa. Mankhwala ake ndi osiyana, choncho musayambe kukonza musanazindikire.

Ndingayeze bwanji mapikiselo a munthu?

Tsegulani Info, ndipo muonetsetse kuti muyeso uli pa Pixels osati masentimita. Tengani Rectangular Marquee, mukoke bokosi kuchokera pamwamba pa mutu mpaka pansi pa nsapato, n'kuwerenga nambala ya H. Chitani chimodzimodzi kwa munthu wa msinkhu wofanana naye pa chithunzi chachikulu, yemwe waima pa mzere womwe mukufuna kumuika. Ngati wina wabisika miyendo, yezani mitu yokha, kuchokera pachibwano mpaka pamwamba pa mutu.

Ndikapeza manambala awiriwo, nditani nawo?

Gawani nambala yomwe mukufuna ndi nambala yomwe muli nayo, kenaka muchulukitse ndi 100. Yankho lake likuuzani kuti munthuyo akula kapena achepa motani musanakhudze chilichonse. Pa chitsanzo chathu zikutuluka motere, tikatenga nambala yathunthu yapafupi:

```
2800 ÷ 1100 × 100 = 255%
```

Kodi malire okulitsa ndi ati?

Palibe lamulo lokhazikika, chifukwa zimatengera ukhondo wa chithunzi choyambacho ndi mtunda womwe anthu adzaonerepo. Pa chithunzi chogwira m'manja, kukulitsa mpaka cha m'ma 120% nthawi zambiri sikuzindikirika, ndipo 150% imatheka ngati nkhope inajambulidwa powala bwino. Mukafika pa 200%, mwa mapikiselo anayi aliwonse atatu amakhala ongoyerekeza, popeza chithunzi chimakula m'litali ndi m'lifupi momwe. Pa 255% achimwene aja aoneka ofewa pakati pa abale awo akuthwa.

Ndiye kuti ntchito ya banja lija yakanika?

Siinakanike, chifukwa si chithunzi chaching'ono chokha chomwe chingasinthidwe. Chithunzi cha ku Cuamba chili ndi mapikiselo ambiri kuposa omwe pepala la 20 × 30 likufuna. M'malo mokoka achimwene kuti afike pa chachikulucho, tsitsani chachikulucho kuti chikumane nawo. Apa ndiye pagona luso lonse la ntchitoyi: kuchepetsa chithunzi kumataya zomwe pepala silikanaonetsa n'komwe, pomwe kukulitsa kumapeka zomwe kulibe.

Ndidziwa bwanji mapikiselo omwe pepala likufuna?

Muyeso womwe otsuka zithunzi ambiri amatsata ndi mapikiselo 300 pa inchi, omwe ndi pafupifupi 118 pa sentimita. Pepala la 20 × 30 likufuna mapikiselo 2362 × 3543, ndipo la 10 × 15 likufuna 1181 × 1772. Chithunzi cha banja chili ndi 6000 m'litali pomwe pepala likufuna 3543 okha. Mapikiselo otsalawo ndiwo mpata wanu.

Ndichepetse bwanji chithunzi chachikulucho?

Yambani mwasunga kope lina kuti choyambirira chisakhudzidwe. Dinani `Ctrl+Alt+I`, lomwe ndi bokosi la Image Size kapena Tamanho da Imagem pa kompyuta ya Chipwitikizi, ndipo musiye kachizindikiro pa Resample. Lembani masentimita 30 m'litali, 20 m'lifupi, ndi 300 pa Resolution. Mukayezanso bambo aja mupeza kuti atsika kuchoka pa 2800 kufika pa 1653, ndipo achimwene tsopano akufunika 150% yokha.

Nanga 150% ikaonekabe yofewa?

Tsitsani Resolution kufika pa 240, muyeso womwe umaonekabe bwino pa chithunzi chopachika pakhoma. Chithunzi chonse chikhala mapikiselo 2835 × 1890, bambo akhala 1323, ndipo achimwene afunika 120%. Kunena zoona, nkhope ya achimwene siinapeze mapikiselo atsopano, koma kusiyana kwawo ndi abale awo kwachepa. Diso la munthu limagwira msanga nkhope imodzi yofewa pakati pa zakuthwa kusiyana ndi chithunzi chomwe chafewa pang'ono paliponse mofanana.

Bwanji akanafuna chithunzi chaching'ono cha 10 × 15?

Pamenepo vuto lonse likanatha. Pa mapikiselo 1772 m'litali, bambo akanakhala 827, ndipo achimwene akanachepetsedwa kufika pa 75% m'malo mokulitsidwa. N'chifukwa chake funso loyamba kwa kasitomala liyenera kukhala la kukula kwa pepala, musanadule chilichonse. Chithunzi chomwe sichingakwanire pa felemu yaikulu chikhoza kutuluka bwinobwino m'abamu.

Kodi si kwabwino kungopempha achimwenewo chithunzi china?

N'kwabwino koposa zonse, ndipo muzitero nthawi iliyonse yomwe n'zotheka. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa ndi kupanikizidwa kuti chisadye deta yambiri, ndipo kawirikawiri chimafika chili cha m'ma 1600 ku mbali yaitali. Ngati foni ya achimwene inajambula 3000 × 4000, iwo ali ndi mapikiselo 2750 m'fayilo yoyambirira, osati 1100. Fayilo imeneyo ikafika, muwachepetsa kufika pa 60% ndipo chimbuuzi sichikhalapo.

Atumize bwanji kuti chisachepetsedwe?

Pa WhatsApp adine kachizindikiro kotumizira zinthu, asankhe Document, kapena Documento pa foni ya Chipwitikizi, kenaka apeze chithunzicho m'mafayilo a foni. Chikatero chimafika chathunthu monga chinatulukira m'kamera, ngakhale chimatenga mamegabaiti angapo ndipo chimachedwa pomwe netiweki ili yofooka. Batani la HD lomwe linabwera mu 2023 limathandiza, koma chithunzi chimapanikizidwabe. Kasitomala yemwe wafika yekha pa situdiyo, ndi bwino kukopera pa foni yake ndi chingwe kapena memore khadi.

Nanga chithunzi chojambula pa sikirini ya foni chingagwire ntchito?

Chimenecho ndiye chosauka kuposa zonse. Chimangotenga mapikiselo a sikirini, omwe pa mafoni ambiri otsika mtengo ndi 720 × 1600, ndipo mbali ina imapita ku mabatani ndi malembo. Ngati chinali chitadutsa kale m'mafoni angapo, chimakhalanso ndi timabokosi ta JPEG ta mapikiselo 8 × 8, tomwe timaonekera pa masaya ndi pa mitundu yosalala. Mukakulitsa ku 255%, kabokosi kalikonse kamafika mapikiselo 20, ndipo kamaoneka ndi maso pa pepala.

Ngati munthuyo anamwalira ndipo chatsala n'chithunzi cha papepala chokha?

Chiikeni pa sikana, osati kuchijambula ndi foni m'manja. Pukutani galasi, sankhani 600 pa Resolution, ndipo chithunzi cha 10 × 15 chikupatsani mapikiselo 2362 × 3543. Dziwani kuti pepala lakale silisunga zambiri kuposa zomwe linalandira potsukidwa, choncho nambala yaikuluyo siipangitsa nkhope kukhala yakuthwa. Ubwino wake ndi woti mukhala ndi m'mphepete mosalala modulamo, mopanda timasitepe.

Kodi Smart Object n'chiyani, ndipo imathandiza chiyani?

Ndi leya yomwe imasunga mapikiselo oyambirira mkati mwake osawasintha, ndipo yakhala mu Photoshop kuyambira 2005. Pa leya wamba, mukachepetsa achimwene kufika pa 30% n'kuvomereza, amatsala ndi mapikiselo 330, ndipo enawo atayika. Mukasintha maganizo n'kuwakulitsanso kufika pa 1653, ndiye kuti mwakoka timapikiselo 330 tija kasanu. Smart Object imawerengera kuchokera pa 1100 oyambirira nthawi iliyonse, ngakhale mutasintha kambirimbiri.

Ndiipanga bwanji?

Mukamata munthuyo, musanamukoke n'komwe, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la leya n'kusankha Convert to Smart Object, kapena Converter em Objeto Inteligente. Njira ina ndi kulowetsa chithunzicho kudzera pa File > Place Embedded, yomwe imachita zimenezi yokha. Pa njira yachiwiriyi pulogalamu ikhoza kusintha kukula kwa chithunzi pochilowetsa, choncho dalirani muyeso wanu wa mapikiselo osati maperesenti a pamwamba okha. Kumbukiraninso kuti Smart Object imateteza zomwe zilipo, siiwonjezera zomwe kulibe.

Ine ndimagwiritsa ntchito GIMP, nditani?

Mfundo yake ndi yomweyo: sinthani kukula kamodzi kokha, kuchokera pa choyambirira. Pangani kope la leya, mulibise, ndipo mugwire ntchito pa linalo. Werengerani kukula komwe mukufuna, mupite pa Layer > Scale Layer, mulembe nambalayo, ndipo pa Interpolation musankhe Cubic kapena NoHalo, osati None. Zikapanda kukwanira, fufutani leyayo n'kuyambiranso pa kope lobisika lija m'malo mokoka kachiwiri.

Pali mayina ambiri pa Interpolation, ndisankhe liti?

Mayinawo ndi njira zosiyanasiyana zomwe kompyuta imawerengera mapikiselo atsopano. Mu Photoshop, Nearest Neighbor imangobwereza pikiselo yapafupi osasakaniza, ndipo ndiyo imabweretsa manomano pa anthu, choncho ipeweni pa zithunzi. Bicubic Smoother ndi yokulitsira, Bicubic Sharper ndi yochepetsera, ndipo Bicubic Automatic imasankha yokha pakati pa zimenezi. Pa leya wamba mumasankha pamwamba mukadina `Ctrl+T`, koma Smart Object imatsata zomwe zaikidwa pa Preferences > General > Image Interpolation.

N'chifukwa chiyani munthu amatuluka wophwatalala kapena woonda?

Zimachitika mukakoka utali ndi mulifupi mosiyana. Kupatula kusintha maonekedwe a munthu, mbali yomwe yakokedwa kwambiri imafewanso kuposa inzake. Mu Photoshop yakale gwirani Shift pokoka ngodya, pomwe kuyambira CC 2019 pulogalamu imasunga muyeso yokha ndipo Shift ndiyo imaumasula. Chodalirika n'kudina kachizindikiro ka tcheni pakati pa W ndi H, n'kulemba nambala ndi dzanja.

Ndiyambe kudula kapena kukulitsa?

Ngati munthuyo akukulitsidwa, yambani kukulitsa chithunzi chake chonse, ndipo mudule pambuyo. Mukadula poyamba, cholakwika chilichonse cha m'mphepete chimakula limodzi naye: sitepe ya pikiselo imodzi imasanduka ya ziwiri kapena zitatu. Ngati akuchepetsedwa, dulani akadali wamkulu, chifukwa kuchepetsako kumasalaza m'mphepete pakokha. Pa achimwene a 120% kapena 150% aja, kudula kubwere pambuyo.

Ndidule ndi chiyani kuti pasakhale manomano?

Gwiritsani ntchito masiki, yomwe imangobisa mbali zosafunika osazifufuta, kuti muthe kubweza khutu lomwe mwalidya. Pa mapewa, mikono ndi thalauza, Pen Tool imapereka mzere wosalala kwambiri chifukwa mzere wake sudalira mapikiselo. Pa tsitsi ndi ndevu, Select and Mask ndiyo yothandiza. Mukagwiritsa ntchito Magic Wand kapena Lasso, onetsetsani kuti Anti-alias ili ndi kachizindikiro musanayambe kusankha, chifukwa ndiyo imaika mapikiselo osakaniza aja m'mphepete.

Feather ndiike yochuluka bwanji?

Feather imafewetsa m'mphepete, ndipo muyeso wake woyenera uli kale pa chithunzi chachikulu. Yandikirani pa phewa la bambo aja muone kuti mtundu wa jekete umatenga mapikiselo angati usanasanduke wa khoma lakumbuyo. Pa chithunzi cha mapikiselo 3543, nthawi zambiri theka la pikiselo kufika pa imodzi ndi theka zimakwanira. Mukaika 5 kapena 10, manomano atha ndithu, koma munthuyo azunguliridwa ndi utsi womwe umaulula kuti wamatidwa.

Nanga kamzere kowala kozungulira munthu kamachokera kuti?

Ndi zotsalira za malo omwe anajambulidwira poyamba. Ngati achimwene anaima patsogolo pa khoma loyera ku Joni ndipo mwawamata patsogolo pa masamba a mango, mapikiselo a m'mphepete amakhala akadali ndi kuyera kwa khomalo, ndipo kukulitsa kumawatambasula. Lowetsani masiki mkati ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri, pogwiritsa ntchito Shift Edge mu Select and Mask kapena Select > Modify > Contract. Mukatha, onaninso makutu ndi zala kuti sizinaonde.

Kodi kuchepetsa nakonso kungawononge?

Kungathe, makamaka pa nsalu za timizere tothithikana. Kapulana ya timadontho tating'ono kapena malaya a mizere yopyapyala zikachepetsedwa ndi Nearest Neighbor zimatulutsa mafunde omwe pa nsalu yeniyeniyo palibe, ndipo m'mphepete mumaduka. Bicubic wamba imachepetsa vutoli chifukwa imasakaniza mapikiselo oyandikana. Munthu wochepetsedwa akhozanso kukhala wakuthwa kuposa anzake, ndipo pamenepo Gaussian Blur ya 0.3 kufika 0.5 imamubweza mu gulu.

Kodi Sharpen ingachotse chimbuuzi?

Imathandiza pang'ono pa chithunzi chomwe chakulitsidwa pang'ono. Ntchito yake ndi kuwonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima pa malire a zinthu, kuti diso lione ngati n'chakuthwa. Yesani Unsharp Mask pa leya ya munthuyo yokha, Amount ili pa 70%, Radius pa 1 ndi Threshold pa 3, mutamaliza kusintha kukula. Mukaona kamzere koyera kakuoneka m'mbali mwa kolala kapena timabokosi ta JPEG tikutuluka pa masaya, mwapyola muyeso.

Zonse zatheka, koma akuonekabe wosalala mosiyana ndi anzake. Chasowa n'chiyani?

Chasowa ndi timchenga tomwe kamera iliyonse imasiya pa chithunzi. Kukulitsa kumatisalaza, ndipo mafoni ambiri amatipukuta okha pojambula, choncho khungu la womatidwayo limaoneka ngati lapulasitiki pambali pa la anzake. Pitani pa Filter > Noise > Add Noise, muike 1% kapena 2%, musankhe Gaussian ndi Monochromatic. Yerekezani tsaya lake ndi la yemwe waima naye pafupi mpaka timchengato tifanane.

Ndingatsimikize bwanji ndisanawononge pepala lalikulu?

Choyamba onani pa 100%, chifukwa pa maperesenti ena sikirini imabisa zolakwika kapena kuonetsa manomano omwe m'fayilo mulibe. Chachiwiri, dulani kachigawo ka masentimita 10 × 15 kokhala ndi nkhope ya achimwene ndi ya bambo, osasintha kukula kwake, n'kukatsuka pa pepala laling'ono. Kagwireni patali ngati mkono wanu, powala bwino. Zomwe muone pamenepo ndi zomwe zidzatuluke pa 20 × 30.

Nanga atafuna chithunzi chomwecho pa chikwangwani cha mamita awiri?

Pamenepo musachepetse chithunzi cha banja, chifukwa mapikiselo 6000 pa masentimita 200 ndi 30 okha pa sentimita, ndipo onse akufunika. Muyeso umenewo ndi wokwanira pa chikwangwani choonera patali mamita angapo. Koma achimwene a pa WhatsApp abwerera pa 255%, ndipo mapikiselo awo enieni akhala pafupifupi 12 pa sentimita, zomwe aliyense woyandikira adzaona. Pa ntchito yotere fayilo yoyambirira ya 3000 × 4000 ndi yofunika, chifukwa nayo akwanira pafupifupi ndendende.

Ndisunge mu fayilo yanji?

Sungani fayilo yogwirira ntchito ngati PSD, kapena XCF pa GIMP, kuti maleya ndi masiki zikhalepo kasitomala akadzafuna kukula kwina. Munthu wodulidwa yekha musungeni ngati PNG, chifukwa JPEG siisunga malo oonekera ndipo imawadzaza ndi mtundu wina. JPEG ikhale yomaliza, yotulutsidwa kamodzi pa kwalite yapamwamba. Ngati chikukatsukidwa kwina, monga ku Cuamba kapena ku Mangochi kudzera pa Chiponde, chipite pa fulashi kapena ngati Document, kuti ntchito yanu isachepetsedwenso panjira.

Ndi liti pomwe ndiyenera kuuza kasitomala kuti sizitheka?

Muwauze ngati masamu akupitirirabe 200% mutatsitsa kale chithunzi chachikulu, ndipo fayilo yoyambirira siingapezeke. Musangokana, koma apatseni zoti asankhe: pepala laling'ono, kuika munthuyo pa mzere wakumbuyo pomwe mitu imakhala yaing'ono, kapena kumuika payekha m'kabokosi pa ngodya ya chithunzi, pomwe sayerekezedwa ndi nkhope ya pambali pake. Aonetseni kachigawo koyesera kaja kuti asankhe ataona ndi maso awo. Zonsezi zikambidwe musanalandire ndalama ya pepala lalikulu.